Njinga inafufutidwa koma mthunzi wake unatsala: lipoti la kukonza chithunzi cha ukwati ku Matawale

Zomwe ndinalandira

Chithunzi chomwe lipotili likunena chinajambulidwa m'mawa wa tsiku la ukwati, mwezi wa Juni, pakhonde la nyumba ina ku Matawale mumzinda wa Zomba. Muli anthu asanu: mkwatibwi, makolo ake ndi ankhoswe awiri. Kumanja kwa chithunzi, pakhonde pomwepo, panaima njinga yamoto yabuluu ya wakabaza amene anabweretsa keke. Banja linkafuna kuti chithunzichi chikulitsidwe kufika pa A2, ndiye kuti masentimita 42 ndi 59.4, achiike mufelemu pabalaza.

Mlongo wa mkwatibwi anali atafufuta kale njingayo ndi pulogalamu ya pafoni. Anabwera nacho ku situdiyo akudandaula kuti: "Achimwene, njinga ija ndinachotsa, koma aliyense akaona akumafunsa kuti apa panali chiyani." Anthuwo sankalakwa. Njinga kunalibe, koma mthunzi wake unali chigonere pasimenti, n'kukwera pakhoma. Kutsogolo kwa pamene inaima, pasimenti yofiira yopolishidwa, pankaonekabe matayala awiri ndi injini mozondoka.

Fayilo yomwe anandipatsa inali itadutsa pa WhatsApp, inali ya mapikiselo 1600 m'litali. Pa A2 zimenezo ndi mapikiselo osafika 70 pa inchi, ndipo chithunzi chikanatuluka chimbuuzi ngakhale pakanapanda vuto la njinga. Ndinapempha fayilo yeniyeni ya kwa wojambula, njinga ili momwemo, itumizidwe ngati Document kuti isafinyidwe. Inabwera JPEG ya 6000 ndi 4000. RAW, fayilo ya kamera yosakonzedwa, kunalibe.

Kukula kwa fayilo si chifukwa chokha chomwe ndinakanira kupitiriza pamene mnyamatayo anasiyira. Chinthu chikachotsedwa kale, umangoona mabala akuda osadziwa kuti mwini wake ndani. Njinga ikakhalapo, bala lililonse umatha kulilondola mpaka pa chitsulo chomwe chalibweretsa, ndipo umadziwa lomwe ndi la njinga ndi lomwe ndi la anthu kapena la nyumba, loyenera kutsala.

Kulondola kuwala ndisanakhudze kalikonse

Khondelo linayang'ana kummawa, wojambula anaima pabwalo pafupifupi mamita 5 kuchokera pakhoma, kamera ili yowongoka bwino. Fayilo inasonyeza kuti chithunzi chinajambulidwa 08:40. Zomba ili pa madigiri 15 ndi pang'ono kummwera kwa ikweta, choncho mu Juni dzuwa limadutsa chakumpoto, ndipo pa nthawi imeneyo limakhala litakwera madigiri pafupifupi 30, kumpoto chakummawa. Kwa wojambulayo linali kumbuyo, mbali ya kumanja. Mithunzi yonse inkathawa kamera n'kupendekera kumanzere, ndipo kutalika kwake kunali kopitirira pang'ono kamodzi ndi theka kutalika kwa chinthucho. Njinga yotalika mita imodzi ndi pang'ono, yoima mita imodzi kuchokera pakhoma, mthunzi wake sukanathera pansi. Unafika pakhoma, n'kupindika, n'kukwera masentimita ngati 30.

Mu Photoshop ndinatsegula leya yopanda kanthu n'kujambulapo mizere yofiira, uliwonse kuchokera pansonga ya chinthu kufika pansonga ya mthunzi wake: pa ndodo ya bambo a mkwatibwi, pa chigongono cha nkhoswe, pa mahandulo a njinga. Mizere yotere, ikakhala ya dzuwa limodzi, ukaitalikitsa imakakumana pamalo amodzi. Malo amenewo ndinawasunga chifukwa ndinkadziwa kuti ndiwafuna kutsogolo.

Chithunzithunzi cha pasimenti, chija munthu amadzionera akayang'ana pansi popolishidwa, sichitsata dzuwa ayi. Chimatsata kamera. Pansi pakakhala pathyathyathya ndipo kamera ili yowongoka, chimagwera pansi penipeni pa chinthucho, kubwera kwa wojambula. Ndiye pachithunzichi zotsalira za njinga zinali mbali ziwiri zosiyana, mthunzi kumbuyo chakumanzere, chithunzithunzi kutsogolo. Amene amangosaka mthunzi amaiwala kuyang'ana kutsogoloko.

Nditayendera chithunzi chonse ndinapeza kuti njingayo yasiya dzanja lake pakhoma, pasimenti kumbuyo ndi kutsogolo, pachitenje cha mayi a mkwatibwi amene anaima pafupi ndi tayala la kutsogolo, m'magalasi awiri a m'munsi a zenera, ndiponso pachipilala choyera cha kumanja. Pomalizapa sindinapaone ndi maso okha. Panatulukira nditaika leya ya Hue/Saturation n'kukweza Saturation kufika pa +80: mbali ya chipilala yoyang'anizana ndi thanki ya njinga inali ndi kabuluu komwe mbali zina kunalibe.

Mfundo yomwe inatsogolera ntchito yonse ndi iyi. Mthunzi sufufuta chinthu, umangochichepetsera kuwala. Pulasitala wa pakhoma ndi maluwa a pachitenje zili momwemo, zangoda, ndiye zikhoza kuwalitsidwa. Chithunzithunzi ndi nkhani ina. Pamene simenti ikuonetsa njinga, ikanaonetsa khoma, ndipo khoma limenelo kamera sinalijambule pamalopo. Palibe choti uwalitse, pamafunika kumanga. Njira ziwirizi ukazisinthanitsa, ntchito imaoneka.

Ndinagwira mu Photoshop. Fayilo ndinaisandutsa ya 16 Bits/Channel, osati poti zimabweza zomwe JPEG inataya, koma kuti mitundu isapitirire kuduka mizeremizere ndikamaikoka. Njinga yeniyeniyo sinavute: ndinaizunguliza ndi Pen Tool, n'kudzaza khoma ndi Content-Aware Fill pa leya yakeyake, nditachotsa anthu ndi mithunzi pa malo omwe pulogalamu imatapako. Kusiya mithunzi pa malo otapako ndi kumene kumabweretsa mabala akuda atsopano pakati pa khoma.

Pakhoma ndi pachitenje: kuwalitsa

Ndinayamba ndi khoma chifukwa simenti imaonetsa khoma. Khoma likanakonzedwa mochedwa, ndikanabwerezanso ntchito ya pansi.

Ndi Color Sampler Tool, pa Sample Size ya 11 by 11 Average, ndinayeza malo awiri oyandikana, ena padzuwa ena mumthunzi wa njinga. Padzuwa panali R 236, G 230, B 220. Mumthunzi munali R 142, G 124, B 118. Ambiri tinaphunzira kuti mthunzi wa panja umakhala wobiriwira ngati thambo, chifukwa thambo ndilo limauwalitsa. Pakhoma ili sizinali choncho. Mthunziwo unkapendekera kofiira, popeza kuwala kochuluka kolowamo kunkachokera pasimenti yofiira yomwe dzuwa linkaomba. Ndikanangokweza kuwala konse pamodzi, pakanatsala bala lapinki looneka ngati njinga. N'chifukwa chake pa leya ya Curves ndinakoka tchanelo chilichonse pachokha: Red kuchoka pa Input 142 kufika pa Output 236, Green 124 kufika 230, Blue 118 kufika 220. Masiki ndinaidetsa yonse, n'kutsegula mkati mwa mthunzi mokha ndi burashi yoyera.

Mkati munafanana ndi khoma lonse nthawi yomweyo. Pomwe pamavuta ndi m'mphepete. Dzuwa si kadontho, m'mwamba limatenga malo okwana pafupifupi theka la digiri, ndipo chifukwa cha ichi m'mphepete mwa mthunzi mumafewa pafupifupi sentimita imodzi pa mita iliyonse yomwe mthunziwo wayenda kuchoka pa chinthu. Pansi pa tayala, pomwe labala lakhudza simenti, mzere wake ndi wakuthwa. Mthunzi wa mahandulo unayenda pafupifupi mita imodzi ndi theka usanagwe, ndiye m'mphepete mwake munafewa sentimita imodzi ndi theka. Pachithunzichi pikiselo imodzi inali ngati milimita imodzi pakhomapo, kutanthauza mapikiselo 15 a kufewa kumtunda, ndi ochepa kwambiri kumunsi. Ukapereka Feather imodzi pa masiki yonse, kwina pamatsala kamzere kowala, kwina kamzere kakuda, ndipo diso la munthu limagwira timizere timeneti msanga kuposa mthunzi weniweniwo.

Ine sindilimbana ndi kufananitsa masiki ndi m'mphepete ndendende. Ndimalola kamzereko katsale, kenako ndimakachotsa pachokha polekanitsa mtundu ndi makwinya a khoma. Ndinaphatikiza zonse pa leya imodzi, n'kuikopa kawiri. Ya pansi ndinaipatsa Gaussian Blur ya mapikiselo 5, pomwe makwinya a pulasitala anangoyamba kuzimirira. Ya pamwamba ndinaiyendetsa pa Apply Image motere, n'kuiika pa Linear Light:

```
Layer: (leya ya Gaussian Blur)
Channel: RGB    Invert: on
Blending: Add   Scale: 2   Offset: 0
```

Manambala amenewa ndi a 16-bit. Pa 8-bit ndi Subtract, Scale 2, Offset 128, popanda Invert. Tsopano kamzere kofewa ka kumtunda kanakhala pa leya ya mtundu, ndipo ndinakapaka ndi Clone Stamp yofewa pa Opacity 30% popanda kukhudza makwinya. Kakuthwa ka kumunsi kanalowa m'maleya onse awiri, ndiye ndinakachotsanso pa leya ya makwinya ndi burashi yolimba. Burashi yofewa pa leya imeneyo imasalaza pulasitala, pamaoneka ngati papakidwa mafuta.

Chinthu chimodzi Curves sangabweze. Padzuwa, kabampu kalikonse ka pulasitala kamakhala ndi kamthunzi kake, n'chifukwa chake khoma limaoneka lokhakhala. Mumthunzi timithunzi timeneti kulibe, ndiye malo owalitsidwa amakhala ndi mtundu woyenera koma osalala kuposa oyandikana nawo. Ndinatapa makwinya kuchokera pakhoma lomwe linali padzuwa, msinkhu womwewo, n'kuwaika pa leya ya pamwamba ija.

Pachitenje panalibe njira ina koma kuwalitsa, popeza maluwa ake sangakopedwe kwina n'kugwirizana ndi mapindidwe a nsalu. Mthunzi wa tayala ndi foloko ya kutsogolo unadutsa kuyambira m'maondo kutsika. Njira inali yomweyo ya Curves, kungoti ndinayeza mitundu iwiri, pa duwa lachikasu ndi pa nsalu yobiriwira, n'kuika mfundo ziwiri pa tchanelo chilichonse. Apa m'pamene kusowa kwa RAW kunapweteka. Malo akuda amalandira kuwala kochepa, ndipo JPEG imawafinya kwambiri m'timabokosi ta mapikiselo 8 ndi 8. Kuwawalitsa kuli ngati kukweza voliyumu pamene wailesi sikugwira bwino siteshoni: mawu amakwera, phokoso nalo limakwera. Pa zobiriwira zakuda panatuluka timadontho tofiira ndi tabuluu. Ndinatichepetsa pokopa malowo, kuwapatsa Gaussian Blur ya mapikiselo 3 n'kuika leyayo pa Color, kuti mtundu usalale koma ulusi wa nsalu utsale. Komanso sindinawalitse mpaka kumapeto. Ndinasiya leya ya Curves pa Opacity 85%, ndipo kuda kotsalako kumaoneka ngati mapindidwe a chitenje.

Pasimenti: kumanga

Apa m'pomwe panagona ntchito. Simenti yopolishidwa imatumiza ku kamera kuwala kwa mitundu iwiri nthawi imodzi. Kwina ndi kufiira kwa polishi weniweniyo dzuwa likamuomba. Kwina ndi chithunzithunzi cha khoma, chokhala pamwamba pa kufiirako. Mphamvu ya chachiwirichi imadalira mmene wapayang'anira. Malo osalala ngati galasi ukawayang'ana molunjika amabweza kuwala kokwana 4 peresenti yokha, koma ukawayang'ana chogona, pa madigiri 75 kuchoka pa kulunjika, amabweza pafupifupi kota. Wojambulayu anali patali, kamera ili mita imodzi yokha pamwamba pa khonde, ndiye simentiyo ankaiona chogona ndithu. Mayi a pakhomopo anali atapolisha mwa tsiku la ukwati, zomwe zinali zabwino kwa alendo koma osati kwa ine.

Mthunzi ukagwa pasimenti yotere umachotsa kufiira kwa dzuwa kokha. Chithunzithunzi cha khoma suchikhudza, ndipo chimaoneka bwino kwambiri mumthunzimo popeza palibe chochiphimba. Curves sadziwa kulekanitsa ziwirizi, amakweza zonse pamodzi. Ndinayesa dala pa kachigawo kuti ndione kukula kwa vutolo: padzuwa simenti inali R 172, G 88, B 66, mumthunzi R 80, G 46, B 44, ndipo nditafananitsa manambalawa pamalo amodzi, masentimita ochepa chabe pambali pake panayera ngati pathiridwa ufa, pomwe chithunzithunzi cha khoma loyera chinali champhamvu. Choncho pansi ponse, kumbuyo ndi kutsogolo kwa njinga, ndinasankha kumanga simenti yatsopano.

Lamulo lomwe ndinatsata potapa ndi loti ndiyende cham'mbali, osakwera kapena kutsika. Poti khoma linayang'anizana ndi kamera, chilichonse pasimentipo chinali m'mizere yopingasa. Kufupi ndi khoma simenti inkaonetsa m'munsi mwa khoma momwe munali dzuwa, ndiye inali yowala. Kubwera kutsogolo inkaonetsa khoma la mumthunzi wa denga, ndiye inali yofiira kwambiri. Kukula kwa timing'alu ndi mikwaso ya nsanza yopolishira nako kumasintha ndi mtunda. Simenti yotapidwa pamzere womwewo imabwera ndi zonsezi zili m'malo mwake, pomwe yotapidwa masentimita 30 kutsogolo imabwera ndi kuwala kwa malo ena. Kumanja kwa chipilala kunali simenti yoyera bwino yokwana mita ndi theka. Ndi Clone Stamp pa Aligned, Sample pa Current & Below, ndinkagwira Alt pamzere womwe khoma limakumana ndi simenti, n'kuyambira kupaka pamzere womwewo kumanzere, kuti mizere yonse igwirizane.

Malo odzaza anali otalika kuposa otapako, ndiye kubwereza kunali kosapeweka. Mng'alu umodzi wooneka ngati foloko unatuluka kawiri. Wachiwiriwo ndinaufufuta ndi Healing Brush, ndipo gawo lina ndinalitapa nditatembenuza gwero ndi Flip Horizontal ya mu Clone Source. Kutembenuza chonchi n'kololeka pa mikwaso ya polishi, koma osati pa chinthu chokhala ndi mthunzi, chifukwa mthunziwo ungaloze kolakwika.

Simenti yobwerekayi inali ndi vuto limodzi: kwawo kunalibe zenera. Pamene panali njinga, khoma lili ndi zenera, ndipo kumphepete kwenikweni kwa khonde simenti inayenera kuonetsa m'munsi mwa zeneralo. Ndinadziwa izi poona zenera lina la kumanzere, kuseri kwa ankhoswe, lomwe felemu yake inkaoneka ngati kachigamba kakuda kumapeto kwa khonde. Ndinakopa khoma lokonzedwa lija pamodzi ndi zenera, n'kulizondotsa ndi Flip Vertical, n'kulumikiza phazi lake paphazi la khoma lenileni. Pa khoma lathyathyathya loyang'anizana ndi kamera yowongoka, kuzondotsa kumeneku kumagwera pamalo oyenera. Pa munthu, mpando kapena njinga sikugwira chimodzimodzi, chifukwa simenti imaona chinthucho chakumunsi, mbali yomwe kamera sinaione, ndipo mwendo uliwonse uli ndi phazi lake pa mtunda wake. Mwayi unali woti ndinkangofuna khoma.

Khoma lozondokalo sindinaligwiritse ntchito ngati chithunzi. Ndinangotengapo malo ndi maonekedwe a zenera, n'kupanga masiki ya leya ya Curves yodetsa. Chifukwa chake n'chakuti zenera lakuda silimathira kuda pasimenti, limangochotsapo kuyera komwe khoma likanathira. Masikiyo ndinaipatsa Motion Blur pa Angle 90, Distance 40, chifukwa simenti si kalilole, imakoka chithunzithunzi chotsika nacho, ndipo chimafewa kwambiri chikamatalikira phazi la chinthu. Kuda kwake ndinakufananitsa ndi manambala a kachigamba ka zenera la kumanzere.

Mithunzi yomwe inayenera kubwerera

Kuchotsa mthunzi wa njinga kunavumbula mipata iwiri yomwe pulogalamu ya pafoni sikanaidziwa.

Woyamba ndi wa chipilala. Mthunzi wake unkachoka paphazi, kuyenda pasimenti, kukwera pa tayala la kumbuyo ndi pampando wa njinga, n'kusowa mkati mwa mthunzi wa njingayo. Njinga itachoka, unkangothera panjira. Uwu unali wosavuta chifukwa chipilala n'chowongoka: ndinapitiriza mizere iwiri ya m'mbali mwake mpaka paphazi la khoma, pamenepo n'kuikweza molunjika mpaka kukalowa mumthunzi wa denga. Mtundu wake ndinautenga pa manambala aja a mumthunzi, a pasimenti paokha ndi a pakhoma paokha, ndipo m'mphepete ndinafewetsa mowonjezereka kupita kukhoma. Gawo lokwera pakhomalo linafunikanso kachithunzithunzi kake pasimenti, kofooka, pansi pake penipeni.

Wachiwiri unali wa mayi aja. Mithunzi iwiri ya dzuwa limodzi ikakumana siida kawiri, imangosanduka umodzi wopanda malire pakati. Mthunzi wa mahandulo unalumikizana ndi wa mayiwo pakhoma, ndiye mbali ya kumanja ya mthunzi wawo sinajambulidwe n'komwe. Ndinayenera kuilemba ndekha. Apa m'pamene malo okumanira mizere yofiira aja anagwira ntchito. Kuchokera pa mfundo zingapo za m'mbali mwa chitenje, pabondo, pantchafu ndi m'chiuno, ndinakoka mizere kulowera kumalo amenewo, ndipo mthunzi wa mfundo iliyonse unayenera kugwera penapake pamzere wake. Msinkhu wake pakhoma ndinauyerekeza ndi mthunzi wa bambo a mkwatibwi, amene anaima mtunda wofanana kuchokera kukhoma. Sindinganene kuti mzere womwe ndinalembawo ndi womwe dzuwa likanalemba. Ndi mzere wosatsutsana ndi mithunzi ina ya m'chithunzimo, ndipo ndinausiya wosalira zambiri, wopanda timakona tomwe ndikanangopeka.

Pansi pa matayala ndi pa sitandi panalinso timabala takuda kwambiri, pomwe ngakhale kuwala kwa thambo sikunkafika. Pano timabalati tinapita pamodzi ndi simenti yakale, koma ndi tofunika kutikumbukira pa zithunzi za tsiku la chiperoni. Kukakhala mitambo yokhayokha mthunzi wakuthwa kulibe, ndipo munthu amaganiza kuti palibe chokonza, chonsecho pansi pa chinthu pali kuda kofewa kofalikira mbali zonse, komwe kumaonekera chithunzi chikachepetsedwa. Kumayambiriro kwa Novembala ndi kwa Febuluwale, masana dzuwa limakhala pamutu penipeni ku Zomba, mthunzi wonse n'kuunjikana pansi pa chinthu. Imeneyo ndi ntchito yopepukirako.

Zenera ndi chipilala

M'magalasi awiri a m'munsi munkaoneka mahandulo ndi kalilole wa njinga, cha kumbuyo kwake, zitasunthira pang'ono kupita pakati pa chithunzi. Galasilo linkaonetsa bwalo lowala ndi mtengo wa mango, ndipo kuseri kwake kunali katani ya lesi. Pamene njinga inatchinga bwalo, katani inkaoneka bwino kuposa kwina. Ndinateteza felemu ndi zitsulo za mbava ndi masiki, n'kutapa m'magalasi oyandikana nawo a mzere womwewo, kusamala kuti nthambi ya mango ipitirire kuchoka galasi lina kulowa linzake ndipo duwa la lesi lisabwerezeke moonekera. Kabuluu ka pachipilala kanachoka ndi burashi yofewa pa leya ya Color, mtundu wotapidwa kumtunda kwa mbali yomweyo ya chipilala.

Kuyesa ntchito ndi zomwe zinatsala

Chilichonse chopakidwa kapena kufewetsedwa chimakhala chosalala kuposa chithunzi cha kamera, chomwe chimakhala ndi timchenga take. Pa leya ya 50% Gray yoikidwa pa Overlay ndinathira Add Noise ya 2%, Gaussian, Monochromatic, n'kuifewetsa ndi Gaussian Blur ya 0.4, kenako n'kuitsegula pa malo okonzedwa okha. Ndinayerekeza pa 200% mpaka malire atasowa. Pachitenje sindinathirepo, panali pochuluka kale.

Poyesa ndinaika pamwamba pa zonse leya ya Curves yokhotakhota ngati mano a sowo, yokwera ndi kutsika kangapo. Imasandutsa chithunzi kukhala cha mitundu yachilendo, koma kusiyana kwa manambala awiri kapena atatu kumaoneka ngati mzere. Inaonetsa kabwalo kofooka pakhoma pomwe panali mthunzi wa kalilole, ndipo ndinakachotsa pa leya ya mtundu. Kenako ndinachepetsa chithunzi kufika kukula kwa bokosi la machesi n'kuchitembenuza cham'mbali, chifukwa bala lalikulu lofewa silioneka ukayandikira. Pomaliza ndinadula gawo la pansi kumanja n'kulisindikiza pa A4 pa kukula komwe lidzakhale pa A2, mapikiselo pafupifupi 256 pa inchi, n'kuliona panja masana. Papepala malo akuda amatsekeka kuposa pasikirini, ndipo timadontho ta pachitenje, tomwe tinkandidetsa nkhawa, sitinkaoneka munthu akaima patali ndi dzanja lotambasula.

Mlongo wa mkwatibwi ndinamuuza zinthu ziwiri zomwe sizinatheke kukonza kotheratu. M'munsi mwa chitenje ndi mwakudako pang'ono komanso mokhakhala poyerekeza ndi kumtunda, ndipo munthu woyandikitsa diso pa A2 akhoza kuona. Mthunzi wa mayi pakhoma, mbali ya kumanja, ndi wolembedwa ndi dzanja. Anafunsa ngati sindingangodula chithunzi kuti mbali yonse ya njinga ichoke. Ndinamuonetsa kuti kudula kukanadya chigongono cha mayi, ndipo mthunzi wa pachitenje ndi wa pakhoma ukanatsalabe chifukwa unagwera mkati mwa gulu. Anatenga mafayilo atatu: TIFF yopita kosindikiza, JPEG yaing'ono yotumizira abale, ndi fayilo yoyamba ya wojambula, njinga ili momwemo, yosakhudzidwa.